Mayankho anayi, misampha itatu: kuwerenga sikelo, mtunda ndi mbali pa mapu

Funso lake limakhala lalifupi. Pamwamba pali mapu a dera lina, okhala ndi msewu, mtsinje, sukulu, mlatho ndi midzi ingapo, ndipo m'munsi mwake alembamo sikelo ya 1:50,000. Akufunsa kuti mtunda wolunjika kuchokera pasukulu kukafika pamlatho ndi wotalika bwanji. Mayankho osankhapo alipo anayi: A ndi makilomita 3.5, B ndi makilomita 7, C ndi makilomita 14, ndipo D ndi makilomita 35. Mwana amatenga rula, n'kuyeza, n'kupeza masentimita 7. Akawerengera pang'ono amayang'ana pamndandanda uja, ndipo akaona kuti nambala yomwe wapeza ilipo, mtima umakhala pansi. Amachonga n'kupitirira.

Ana ambiri amagwera pamenepa, pa kukhala pansi kwa mtimako. M'mafunso osankha yankho, kupeza nambala yako pamndandanda si umboni woti wakhoza. Wokonza funso labwino salemba mayankho atatu olakwikawo mongolota. Amadziwa malo amene ana amapunthwa, ndipo amawerengera dala yankho lomwe munthu wopunthwa pamalo aliwonse angapeze, n'kuliika pamndandandapo kuti limudikirire. Mwana amene waiwala kuti masentimita a papepala si makilomita a pansi pano apeza B ikumuyembekeza. Amene akukumbukira kuti pali 2 penapake koma wachulukitsa m'malo mogawa apeza 14, ndipo C ilipo. Amene wasochera nawo maziro apeza 35, ndipo D nayo ilipo. Onse atatu atuluka m'chipinda cha mayeso akusimba kuti mapu anali ophweka.

Choncho mafunso a mapu amafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi kudziwa kuyeza. Chachiwiri, chimene m'kalasi sichikambidwa mokwanira, ndi kukhala ndi njira ina yapadera yotsimikizira yankho, njira yosadalira mndandanda wa A, B, C ndi D. Tiyeni tikhale pa mapu omwewa, a sukulu ndi mlatho, tione m'mene zimayendera.

Sikelo ya 1:50,000 ilibe sentimita kapena kilomita m'kati mwake. Ikungonena kuti muyezo umodzi pa mapu ukuimira miyezo 50,000 ya mtundu womwewo pamalo enieni. Mukayeza ndi sentimita, ndiye kuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi. Koma palibe munthu amene amaganiza za ulendo wake m'masentimita, n'chifukwa chake nambalayo iyenera kusinthidwa. Mu mita imodzi muli masentimita 100, ndiye chotsani maziro awiri pa 50,000 ndipo mutsala ndi mamita 500. Mamita 500 ndi theka la kilomita. Pa mapu amenewa sentimita imodzi ndi theka la kilomita, masentimita awiri ndi kilomita imodzi, ndipo masentimita 7 aja ndi makilomita 3.5. Yankho ndi A.

Ine ndimakonda njira yochotsa maziro awiri kaye kuposa yogawa ndi 100,000 nthawi imodzi, ngakhale zonse zimafikitsa pamodzimodzi. Kugawa ndi nambala ya maziro asanu munthu ali ndi mantha a mayeso n'kumene kumabala 35 ndi 0.35. Koma mamita 500 ndi mtunda woti mwana amaudziwa ndi miyendo yake, ndipo akaulemba molakwika amatha kudzimva yekha. Njirayi imagwira pa sikelo iliyonse. Pa 1:250,000, kuchotsa maziro awiri kumapereka mamita 2,500, omwe ndi makilomita 2.5 pa sentimita iliyonse. Pa 1:4,000,000 kumapereka mamita 40,000, kutanthauza makilomita 40. Wophunzira wanzeru amachita masamu amenewa kamodzi kokha, asanawerenge n'komwe funso loyamba, n'kulemba ndi pensulo pafupi ndi mapu kuti 1 cm = 500 m. Mafunso onse otsatira amamwera pa kachiganizo kameneka.

Tsopano njira yotsimikizira ija. Mapu a 1:50,000, monga amene Dipatimenti ya Saveyi inasindikiza a madera a dziko lino, amakhala ndi mizere yowongoka yotsika ndi ina yopingasa, yokhala ndi manambala m'mphepete. Imeneyi ndi mizere ya giridi, ndipo imagawa mapu m'timabokosi tofanana. Kabokosi kalikonse ndi kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi, kutanthauza masentimita awiri papepala. Kudula kabokosi kuchokera pangodya kukafika pangodya yoyang'anana nayo ndi pafupifupi makilomita 1.4. Munthu wodziwa zimenezi ali ndi rula yachiwiri yomwe inasindikizidwa kale pa mapu.

Pa mapu athuwa, kuti muchoke pasukulu kukafika pamlatho mukupita cha kudzanja lamanja timabokosi tiwiri ndi kachidutswa, tinene makilomita 2.1, ndipo mukukwera m'mwamba pafupifupi timabokosi titatu, tinene makilomita 2.8. Mzere wolunjika sungafupike kuposa mbali yaitaliyo, ya 2.8, ndipo sungatalike kufika pa mbali ziwirizo mutaziphatikiza, zomwe ndi 4.9. Yankho lili penapake pakati pa 2.8 ndi 4.9. Yang'ananinso mndandanda uja: 7, 14 ndi 35 onse ali kunja. Simunakhudze rula koma misampha itatu yonse yagwa. Palinso nzeru ina yachidule kuposa iyi. Ngati mapu onse omwe mwapatsidwa ali ndi timabokosi 8 mopingasa ndi 8 motsika, mzere wautali kwambiri womwe mungajambulepo, wa pangodya ndi pangodya, ndi makilomita 11 ndi pang'ono. Mtunda wolunjika wa makilomita 14 kapena 35 sungakwane papepala limenelo.

Msewu suyenda ngati rula

Funso lachiwiri kawirikawiri limabwerera pamalo omwewo koma litasintha mawu ochepa: kutalika kwa msewu kuchokera pasukulu kukafika pamlatho. Pamndandanda pali 3.5, 5.2, 10.4 ndi 20.8. Taonani kuti 3.5, yankho lolondola la funso loyamba, tsopano lasanduka msampha wa munthu amene sanawerenge mawu akuti msewu. Wakabaza akamakuuzani mtengo sawerengera mzere wodutsa pamwamba pa minda ndi madambo, amawerengera njira yomwe apalase, ndipo funso ili likufuna njira imeneyo. Pakati pa malo awiri omwewo, msewu wokhotakhota umatalika nthawi zonse kuposa mzere wolunjika. Ngakhale pa mtunda waukulu zili chimodzimodzi: pa mapu a 1:4,000,000 mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre italikirana pafupifupi masentimita 6, omwe ndi makilomita 240, koma basi yodzera ku Dedza, ku Ntcheu ndi pa Zalewa imayenda makilomita opitirira 300.

Poyeza msewu pali njira ziwiri, ya ulusi ndi ya m'mphepete mwa pepala. Ulusi mumaugoneka pamsewu kuyambira pasukulu, kuutsatiza m'makhoto onse mukuupanikiza ndi chala, kenaka n'kuika chizindikiro pamene wafika pamlatho, n'kuuwongola pa rula. Vuto lake ndi loti umaterera, ndipo wina umatamuka mukaukoka. Njira ya pepala ndi yodalirika kuposa imeneyi. Tengani pepala la m'mphepete mowongoka, muliike pasukulu, mulembe kamzere koyambira. Gonekani m'mphepetemo motsatira chigawo choyamba cha msewu chomwe chili chowongoka. Pamene msewu wayamba kukhota, lembani kamzere papepala, mupanikize pomwepo ndi nsonga ya pensulo, n'kuzunguza pepalalo mpaka litagonanso pa chigawo chotsatira. Muzichita choncho mpaka pamlatho. Tinene kuti kuchokera pa kamzere koyamba kufika pa komaliza mwapeza masentimita 10.4. Gawani ndi 2, mupeza makilomita 5.2. Amene sagawa asankha 10.4, ndipo amene achulukitsa asankha 20.8.

Apa kudekha kumalipira. Pa sikelo imeneyi milimita imodzi ndi mamita 50, ndiye khoto lililonse lomwe mwalidula chifukwa cha changu limadya mtunda. N'chifukwa chake ana ambiri amapeza nambala yocheperako pang'ono kuposa yoyenera. Mukapeza 5.0 kapena 5.1 pamene pamndandanda pali 5.2, musadere nkhawa, ndi yomweyo. Koma mukapeza 4.3, nambala yomwe ili pakatikati pa 3.5 ndi 5.2, musasankhe mwamwayi. Yezaninso, ndipo muyambe n'kuona ngati munayambira pa ziro wa rula. Marula ambiri ali ndi kampata kopanda manambala kumapeto, ena anathyoka kapena kuperepeseka m'chikwama, ndipo pali ana amene amayambira pa 1 poganiza kuti kuwerenga kumayambira pamenepo.

Pansi pa mapu pamakhalanso sikelo ya mzere, yooneka ngati karula kogawidwa m'makilomita. Ndi yabwino chifukwa safuna masamu: mumangoika pepala lanu lija pamenepo n'kuwerenga. Koma ili ndi chinsinsi chake. Ziro wake sakhala kumapeto a mzere. Amakhala m'kati pang'ono, ndipo kumanzere kwake kuli kilomita ina imodzi yodulidwa m'tizigawo, kawirikawiri khumi ta mamita 100. Kuti muwerenge bwino, ikani kamzere komaliza pa nambala yathunthu kumanja, pano pa 5, ndipo kamzere koyamba kagwera kumanzere kwa ziro pa kachigawo kachiwiri. Makilomita 5 ndi mamita 200, ndiwo 5.2 uja. Munthu woyambira kumapeto kwenikweni kwa mzerewo awerenga 4.2, kilomita yonse itasowa, ndipo wokonza funso wochenjera akhoza kuikanso 4.2 pamndandanda.

Aphunzitsi ndi makolo amve bwino mfundo iyi, chifukwa imawononga ana osalakwa. M'sukulu zambiri mapu oyeserera amakhala ofotokopedwa, ndipo nthawi zina amachepetsedwa kuti akwane papepala la A4. Mapu akachepa, manambala a 1:50,000 amakhalabe olembedwa chimodzimodzi, koma asanduka bodza. Mapu ochotsedwa pa A3 kupita pa A4 amachepa kufika pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10, moti masentimita 7 aja amakhala pafupifupi 5, ndipo mwana wochita masamu ake molondola amapeza makilomita 2.5 n'kupatsidwa mtanda. Sikelo ya mzere ndi timabokosi ta giridi sizinama, chifukwa zimachepa limodzi ndi mapu. Kudziwa kwake n'kosavuta: yezani kabokosi kamodzi. Ngati si masentimita awiri, siyani manambalawo, mugwiritse ntchito sikelo ya mzere.

Pali mafunso ena a sikelo osafuna n'komwe kuyeza. Lodziwika kwambiri ndi lakuti, mwa 1:10,000, 1:50,000, 1:250,000 ndi 1:1,000,000, sikelo yaikulu ndi iti? Diso limathamangira pa miliyoni, koma yankho ndi 1:10,000. Sikelo ndi gawo, ndipo chigumu chimodzi chogawana anthu khumi chimapatsa aliyense chidutswa chachikulu kuposa chogawana anthu 100. Pa mapu a sikelo yaikulu dera limakhala laling'ono koma zinthu zimaoneka zikuluzikulu, mpaka nyumba ndi mjigo. Pa a sikelo yaing'ono dziko lonse la Malawi limakwana patsamba limodzi, mzinda wa Mzuzu n'kukhala kadontho. Mukagwira mfundo iyi, funso la kukulitsa mapu silikuvutaninso: mapu a 1:50,000 akakulitsidwa kawiri m'litali ndi m'lifupi, sikelo yatsopano ndi 1:25,000, osati 1:100,000. Ndipo akakuuzani kuti masentimita 5 akuimira makilomita 10, sinthani kaye makilomitawo akhale masentimita 1,000,000, kenaka mugawe ndi 5, mupeza 1:200,000. Yankho la 1:2 limachokera pogawa makilomita ndi masentimita ngati zinthu zofanana.

Mwaima pati?

Mafunso a mbali amaoneka opepuka kuposa a mtunda, koma ndi amene amagwetsa ngakhale ana anzeru, ndipo chifukwa chake si jogalafe kwenikweni koma kawerengedwe ka funso. Funso lililonse la mbali lili ndi malo awiri: pamene mwaima ndi pamene mukuyang'ana. Akati sukulu ili mbali iti kuchokera pamlatho, inu mwaima pamlatho. Koma m'chiganizo sukulu ndiyo yatchulidwa poyamba, ndipo zili chonchonso pa pepala la mayeso la m'Chingelezi, pamene malo oimapo amabwera kumapeto, pambuyo pa liwu lotanthauza kuchokera. Mwana wothamanga amaika chala pa malo omwe wawamva koyamba, n'kuyang'ana enawo, ndipo amapeza mbali yotembenuka. Yankho lotembenukalo silisowa pamndandanda.

Mankhwala ake ndi pensulo. Musanaganize za yankho, zungulizani m'funso malo omwe mwaimapo, muwapeze pa mapu, ndipo mujambulepo kamtanda kakang'ono: mzere umodzi wotsatira mizere yotsika ya giridi, wina wopingasa. Kumwamba kwa kamtandako ndi kumpoto, kumunsi ndi kumwera, kudzanja lamanja ndi kum'mawa, kumanzere ndi kumadzulo. Kenaka jambulani mzere kuchoka pakati pa kamtanda kupita kumalo omwe afunsidwa, muike muvi kumapeto kwake. Pa mapu athu, munthu woima pasukulu amaona mlatho kumpoto chakum'mawa. Woima pamlatho amaona sukulu kumwera chakumadzulo. Mayankho onse awiri ndi oona pa mapu, koma funso lafunsa limodzi lokha. N'chimodzimodzi ndi mizinda yomwe timaidziwa: Zomba ili kumpoto chakum'mawa kwa Blantyre, pamene Blantyre ili kumwera chakumadzulo kwa Zomba.

Musanajambule kamtandako, yang'anani muvi wolozera kumpoto. Pa mapu a Saveyi kumpoto kumakhala kumwamba kwa pepala, koma pa timapu tojambula pamanja, tomwe okonza mafunso amakonda kuika m'mayeso a kupulayimale ndi a m'kalasi, muviwo ukhoza kulozetsedwa cham'mbali. Ukapendekeka, kamtanda kanu kapendekeke nawo.

Funso la komwe mtsinje ukulowera lili ndi msampha wakewake. Mapu akapachikidwa pakhoma, mwana amaona ngati madzi ayenera kutsika kuchoka kumwamba kwa pepala kupita kumunsi, ndipo mtsinje wa Shire umamulimbitsa m'ganizo limeneli chifukwa umatulukadi m'nyanja ya Malawi cha ku Mangochi n'kulowera kumwera, kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde mpaka kukathira mu Zambezi. Koma madzi satsata pepala, amatsata kutsetsereka kwa nthaka. Mtsinje wa Bua umachokera cha ku Mchinji n'kulowera kumpoto chakum'mawa kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Linthipe amachokera kumapiri a ku Dedza n'kukathira m'nyanja ku Salima, komwe kuli kumpoto kwa Dedza. Pa mapu, mtsinje mumaudziwira pa manambala a kutalika kwa malo: umachoka pa nambala yaikulu kupita pa yaing'ono. Mizere ya kontuwa ikamadutsa mtsinje imapindika ngati chilembo cha V, ndipo nsonga yake imaloza kumtunda, komwe madzi akuchokera. Timitsinje tothira mu waukulu nato kawirikawiri timalowa mopendekekera kumene madzi akupita. Mphepo yokha ndiyo imatchulidwa ndi kumene ikuchokera, monga asodzi a kunyanja amadziwira za mwera. Mtsinje amaufunsa kumene ukupita.

Tafika pa beyaringi, yomwe ndi mbali yomweyo koma yonenedwa m'madigiri. Imafunika chifukwa mawu akuti kumpoto chakum'mawa ndi otakata, malo ambiri akhoza kukwanamo. Malamulo ake ndi ochepa: kuwerenga kumayambira kumpoto, kumazungulira kudzera kum'mawa monga imayendera mivi ya wotchi, ndipo yankho limalembedwa ndi manambala atatu. Kum'mawa ndi 090°, kumwera ndi 180°, kumadzulo ndi 270°. Funso lathu likuti: pezani beyaringi ya sukulu kuchokera pamlatho. A ndi 037°, B ndi 143°, C ndi 217°, D ndi 323°.

Musatulutse kaye pulotilakita, chida choyezera madigiri chija cha m'bokosi la masamu. Kamtanda kanu kagawa kale bwalo m'zigawo zinayi. Chilichonse cha pakati pa kumpoto ndi kum'mawa chili pansi pa 090°. Cha pakati pa kum'mawa ndi kumwera chili pakati pa 090° ndi 180°. Cha pakati pa kumwera ndi kumadzulo chili pakati pa 180° ndi 270°, ndipo chotsalacho chili pakati pa 270° ndi 360°. Taona kale kuti woima pamlatho amaona sukulu kumwera chakumadzulo, ndiye yankho liyenera kukhala pakati pa 180° ndi 270°. Ndi C yokha imene ikukwanamo.

Komabe kuyeza kuyenera kudziwika, chifukwa tsiku lina pamndandanda padzakhala 217° ndi 233° pamodzi. Pulotilakita yomwe ana ambiri ali nayo ndi ya theka la bwalo, imathera pa 180°, ndipo ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira mbali iyi, wina mbali inayo. Mavuto onse amachokera pamenepa. Ikani pakati pake ndendende pamlatho, mzere wake wa ziro ugone pa mzere wa kumpoto ndi kumwera. Popeza sukulu ili mbali ya kumadzulo, mimba ya pulotilakita iyang'ane kumanzere. Kuchokera kumpoto kuzungulira mpaka kumwera mwayenda kale madigiri 180, ndiye werengani otsalawo kuyambira pa ziro wa kumunsi, kukwera mpaka pamzere wopita kusukulu. Mupeza 37. Phatikizani ndi 180, ndipo yankho ndi 217°.

Tsopano onani kumene mayankho ena aja achokera, chifukwa palibe limene linagwa kumwamba. Amene waiwala kuphatikiza 180, kapena waima pasukulu m'malo mwa pamlatho, apeza 037°. Amene wayambira kumpoto koma n'kuzungulira chobwerera, kudzera kumadzulo, awerenga 143°. Ndipo amene wawerenga 143 pa mzere wolakwika wa manambala n'kukumbukira kuphatikiza 180 apeza 323°. Aliyense mwa anawa wagwira chidacho mosamala, wawerenga nambala yeniyeni yolembedwa pa pulasitiki, ndipo waipeza pamndandanda. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti chigawo cha bwalo chidziwike kuyeza kusanayambe.

Beyaringi yobwerera ndi masamu a mphindi imodzi. Ngati mlatho uli pa 037° kuchokera pasukulu, sukulu ili pa 217° kuchokera pamlatho. Nambala ikachepera 180 mumaphatikiza 180, ikapitirira mumachotsa 180. Yankho lopitirira 360° likukuuzani lokha kuti mwaphatikiza poyenera kuchotsa.

M'mphepete mwa mapu a Saveyi mupezamo kachithunzi ka mivi yolozera kumpoto mosiyana pang'ono. Wina ukuloza kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, wina ukutsata mizere ya giridi, wina ukuloza kumene singano ya kampasi imaloza, komwe kumasuntha pang'onopang'ono zaka zikamapita. Kwa woyenda m'tchire ndi kampasi kusiyanaku n'kofunika. Pamayeso, ngati funso silinatchule kampasi, tsatani mizere yotsika ya giridi. Dziwaninso kuti mtunda wa pa mapu ndi wa malo athyathyathya, suwerengera chitunda. Wokwera phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, amayenda mtunda woposa womwe rula yanena, ngakhale kusiyana kwake si kwakukulu monga miyendo imamvera: makilomita 3 a pa mapu okwera mamita 1,000 ndi pafupifupi makilomita 3.2 pansi. Mafunso a mayeso amafuna wa pa mapuwo.

Zonsezi zili ndi phindu lina kwa aphunzitsi. Pochonga mafunso osankha yankho n'kosavuta kungoika mitanda n'kulemba malikisi pamwamba, koma chilembo chomwe mwana wasankha chikunena matenda ake. Ana khumi omwe asankha 14 sakufunika kuphunzitsidwanso kugwira rula, akufunika kumvetsa chifukwa chomwe timagawira ndi 2. Omwe asankha 037° mwina amadziwa beyaringi bwinobwino, chawavuta ndi kudziwa pamene aima. Omwe asankha 323° akufunika mphindi zisanu zokha ndi pulotilakita m'manja, wina akuwaonetsa mizere iwiri ya manambala ija. Kuwabwerezera onse phunziro limodzi kuyambira pachiyambi n'kutaya nthawi yawo.

Ndipo inu amene muli ndi mwana wokonzekera mayeso a MANEB, simukufunika kukhala katswiri wa jogalafe kuti mumuthandize. Mupezereni rula yosathyoka, pulotilakita yooneka bwino manambala ndi pensulo yosongoka. Akamayeserera mafunso akale, phimbani A, B, C ndi D ndi kapepala, ayambe wapeza yankho lake ndi kukuuzani pamene waima ndi timabokosi tomwe wadutsa. Akatero mum'vundukulire, ndipo mum'funse kuti akuuzeni cholakwa chomwe chinabala lililonse la mayankho atatu enawo.